Foni yapita ndi kawalala, nanga zithunzi? Umu ndi momwe tinabwezera za asisi anga

Pa kashopu kanga ka fotokope kuno ku Chipata sabata simatha osabwera munthu woti amubera foni kapena waitaya pa njinga, ndipo ambiri safunsa za foniyo ayi, amafunsa za zithunzi. Za mwana ali wakhanda, za ukwati, za malemu. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino zomwe ndimawauza, ndipo nditsata nkhani ya asisi anga chifukwa pafupifupi vuto lililonse lomwe anthu amakumana nalo linatigwera ife pa sabata imodzi.

Asisi amagulitsa salaula ku Kapata. Foni yawo ya Tecno inasowa tsiku la Nc'wala, Loweruka lomaliza la February, pobwerera kuchokera ku Mtenguleni, mu minibasi modzaza anthu mpaka pakhomo. Anaiika m'kachikwama pansi pa chitenje, potsika anapeza zipi yotsegula. Usiku womwewo anandiimbira pa foni ya aneba, mau akunjenjemera, ati "iwe, zithunzi za atate zonse zinali mmenemo." Atate anatisiya mu 2023, ndipo asisi ndi omwe ankawajambula kwambiri miyezi yomaliza ija ali kumudzi.

Choyamba mumvetse ichi. Zithunzi zomwe zingabwere sizili mu foni yobedwayo, zili mu akaunti ya Google, ija ya Gmail, ngati pulogalamu ya Google Photos inkazitumiza kumeneko foni isanasowe. Ndiye mafunso ndi awiri chabe: kodi mungalowe mu akauntiyo muli pa foni ina kapena pa kompyuta, ndipo kodi `Backup` inali yoyatsa. Chithunzi chomwe sichinakwere foni isanabedwe palibe munthu angachitulutse mumlengalenga, olo akuuzeni kuti ndi katswiri ndipo akufuna K200 chabe. Ndalama zotere musapereke, ndaona anthu akulira kawiri.

Lolemba m'mawa sitinayambe ndi zithunzi, tinayamba ndi laini. Zifukwa zake ziwiri. Mu simu muja muli ndalama za pa foni, komanso kodi yomwe Google imatumiza pa SMS imapita ku nambala yomweyo, ndiye ngati simu ili m'manja mwa kawalala, kiyi wa nyumba yanu ali naye iye. Imbani ku kampani yanu, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel, atseke laini, kenako pitani ku ofesi yawo ndi reji yanu, NRC ija, akupatseni simu ina ya nambala yomweyo. Ndikubwereza, nambala yomweyo. Anthu ambiri amangogula simu yatsopano pamsewu ya nambala ina poganiza kuti laini ndi laini, manje Google nambala yatsopanoyo saidziwa. Ndipo ngati simu yakale inalembetsedwa pa reji ya amuna anu kapena amalume, mupite nawo iwowo. Tinapitanso ku polisi kukalembetsa ndi nambala ya IMEI, ya manambala 15, yomwe inali pa katoni ya foni, asisi anasunga katoniyo pamwamba pa wodiropu. Amene foni mukadali nayo imbani `*#06#` lero mulembe nambalayo mu kabuku.

Tsopano kulowa. Apa ndi pomwe anthu ambiri amakakamira, ndipo si kupusa ayi, ndi momwe timagulira mafoni kuno. Ukagula foni, mnyamata wa pa shopu amakutsegulira Gmail mwachangu kuti Play Store igwire ntchito uike WhatsApp ndi Facebook, amalemba pasiwedi pa kapepala kapena osalemba nkomwe, iwe nkumapita. Zaka zitatu zimadutsa foni osakufunsa pasiwediyo olo kamodzi. Asisi nditawafunsa imelo yawo anangondiyang'ana, ati "imelo yake iti, ine ndilibe imelo." Anali nayo, samadziwa chabe.

Ngati dzina la imelo simukulikumbuka, pa tsamba lolowera la Google pali `Forgot email?`. Mukadina pamenepo imafunsa nambala ya foni yomwe inaikidwa pa akauntiyo, kenako dzina loyamba ndi lomaliza monga linalembedwera tsiku lotsegula, ndiye imatumiza kodi pa SMS ndikukuonetsani maakaunti omwe akugwirizana ndi zimenezo. Dzina ndi lomwe limavuta, chifukwa wa pa shopu uja mwina analemba dzina lanu lachikhristu inu mukuyesa lakumudzi, kapena anasiya chilembo chimodzi. Ife tinayesa katatu, linagwira ndi la pa reji. Njira ina yachidule ndi kufunsa aliyense amene munamutumizirako imelo, kapena kuyang'ana mafomu a sukulu ya mwana kapena a ngongole omwe munalembapo imelo.

Imelo itapezeka pasiwedi kunalibe. Apa mumadina `Forgot password?` kapena kupita pa

```
g.co/recover
```

Chomwe chimaopsa anthu ndi chakuti Google imayamba kunena kuti yatumiza uthenga ku foni yanu, mudine `Yes` pamenepo, ndipo foni ikuitchulayo ndi yobedwa ija. Musataye mtima, pansi pali `Try another way`. Dinani pamenepo mpaka ifike ponena kuti itumize kodi pa SMS, ndipo imakuonetsani manambala awiri omaliza a laini yomwe ikuidziwa. Manambala awiriwo muwayang'anitsitse. Kwa asisi anagwirizana ndi laini yomwe tinali titangoibweza m'mawa, uthenga unalowa, `G-` kenako manambala 6, basi tinalowa ndikuika pasiwedi yatsopano. Koma ndaonapo ena manambalawo ali a laini yomwe anaitaya kalekale, ena ndi nambala ya mnyamata wa pa shopu uja, ndipo mayi wina wochita malonda odutsa pa Mwami anapeza kuti akaunti inatsegulidwa ndi simu ya ku Malawi yoyamba ndi +265 yomwe anagula ku Mchinji. Iyeyo inali ikadali m'chikwama mwamwayi, tinangoiika mu foni.

Ngati nambala palibiretu, mwayi ukadalipo koma wochepa. Yesani pa chipangizo chomwe munalowerapo kale akauntiyo, laputopu ya kuntchito, tabuleti ya mwana, foni yakale yosweka galasi ili mu dirowa ija. Foni yakaleyo ndi chuma, chifukwa mwina akaunti ikadali yotsegula mmenemo, ndiye mukaitchaja ndikuipatsa netiweki mumalowa opanda kufunsidwa kanthu, ndipo uthenga wa `Yes` uja ukhoza kubwera pamenepo. Ikakufunsani pasiwedi yomaliza yomwe mukuikumbuka lembani olo yakale, musadumphe funso. Ndipo kodi ya pa SMS ija musauze munthu aliyense pa foni, Google siimbira anthu kufunsa kodi.

Chenjezo limodzi lomwe ndimalinena mokweza pa shopu. Ngati mwabwereka foni ya mnzanu, musaike akaunti yanu mu `Settings` ya foniyo, ndipo musalowe kudzera mu pulogalamu yake ya Google Photos. Mukatero pulogalamuyo ikhoza kukufunsani zoyatsa `Backup`, inu mwachangu nkuvomera, ndiye zithunzi za mwini foni zimayamba kukwera mu akaunti yanu ndikudya malo, ndipo manambala anu a foni amasakanikirana ndi ake. Choipa kwambiri, mwini foni akaona zithunzi zachilendo mu pulogalamu yake amazifufuta kuti ayeretse, osadziwa kuti kufufuta mu Google Photos kumafufutanso mu akaunti. Tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu tili pamwamba, sankhani `New Incognito tab`, mulembe

```
photos.google.com
```

Mukamaliza mutseke tsambalo, palibe chotsala pa foni ya mwini wake.

Tinalowa pa kompyuta ya pa shopu, asisi atakhala pa kabenchi kumbali kwanga atagwira chitenje pakamwa, tsamba linatseguka ndipo munalibe kanthu. Koyera. Sanalankhule, anangoimirira kuti azipita.

Ndinawauza kuti akhale kaye, chifukwa tsamba lopanda kanthu nthawi zambiri limatanthauza kuti mwalowa mu akaunti yolakwika, osati kuti zithunzi kulibe. Foni imodzi imatha kukhala ndi maakaunti awiri kapena atatu, koma Google Photos imatumiza zithunzi ku imodzi yokha. Ndinawafunsa kuti kodi foniyi inapitako kwa okonza, ati inde, 2022 inazima anaifulasha, ndipo mwana wawo wamkulu ndi amene anaikonzanso kuti WhatsApp ibwerere. Ndiye tinamuimbira mwanayo ku Katete komwe amaphunzira, ati "eee amalume, ndinatsegula ina chifukwa amai samadziwa pasiwedi ya yakale." Iyeyo pasiwedi anali nayo mu kope. Njira yodziwira kuti akaunti ndi yoona ndi yosavuta: pitani pa `myaccount.google.com`, `Security`, kenako `Your devices`, muone ngati foni yobedwayo ikuoneka ndi tsiku lomwe inagwira ntchito komaliza. Mu akaunti yoyamba ija Tecno inaoneka koma ya kalekale. Mu yachiwiri inaoneka ndi Loweruka la Nc'wala.

Titatsegula yachiwiriyo zithunzi zinadzaza sikirini. Chomwe tinayamba kuona titatsitsa pansi ndi atate atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, atavala chipewa chawo cha ubweya chija ngakhale kunali October, mbale ya nshawa ili pamiyendo. Asisi anagwira sikirini ndi chala ngati akufuna kuwakonza kolala. Tinakhala kaye chete kanthawi.

Koma sizinali zonse, ndipo apa ndikufuna mumvetsere chifukwa ndi pomwe mungadziwe chomwe chinachitika mu foni yanu popanda kuiona. Yang'anani tsiku la chithunzi chomaliza, chija chili pamwamba penipeni. Tsikulo limanena zambiri. Za asisi zinalekera pa 6 January, pomwe foni inabedwa kumapeto kwa February, ndiye masabata asanu ndi awiri kunalibe. Ndinawafunsa kuti pa 6 January munali kuti, anaganiza pang'ono, ati "si tsiku lomwe ndinabwera kuno kudzapulinta mafomu a sukulu?" Ndi momwemo. Foni yawo inkadziwa pasiwedi ya Wi-Fi ya pa shopu panga, ndiye akabwera kuno inkalumikiza yokha ndikutumiza zonse zomwe zinadikira. Google Photos imadikira Wi-Fi pokhapokha mutailola nokha kugwiritsa ntchito bandulo, pa `Photos settings`, `Backup`, `Mobile data usage`, ndipo ambiri a ife kuno timakhalira mabandulo, Wi-Fi timaipeza mwa apo ndi apo. Ndiye ngati zithunzi zanu zalekera pa tsiku lomwe munali kuntchito, ku loji kapena kwa m'bale wokhala ndi rauta, vuto ndi limenelo.

Chifukwa china chomwe chimadula zithunzi pa tsiku limodzi ndi kudzaza kwa malo. Akaunti yaulere ili ndi 15 GB, ndipo malowo amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kale zithunzi zochepetsedwa pang'ono sizinkawerengedwa, koma kuyambira pa 1 June 2021 chilichonse chatsopano chimadya malo, ndipo kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp ya mafoni a Android imawerengedwanso momwemo. Malo akadzaza kutumiza kumaima, foni imachenjeza koma ambiri timangokankha uthengawo kumbali. Kuti musiyanitse pitani pa `one.google.com/storage`. Mukaona kuti yafika pa 15 GB, kunali kudzaza, ndipo mwina mudzakumbukira kuti ndi nthawi yomweyo maimelo anasiya kulowa. Za asisi zinali pa 6 GB ndi pang'ono, ndiye sikunali kudzaza ayi, inali Wi-Fi basi.

Pali mtundu wina wa kusowa womwe suyendera tsiku. Zojambula ndi kamera zilipo zonse, koma zomwe munalandira pa WhatsApp, zomwe munakopera pa Facebook ndi masikirinishoti palibe. Izi zili choncho chifukwa pulogalamuyo imatumiza zomwe zili mu foda ya kamera, mafoda enawo mumayenera kuwayatsa nokha limodzi limodzi pa `Back up device folders`. Kwa asisi chinasowa mwa njira imeneyi ndi chithunzi chakale cha ukwati wa atate ndi amai, chakuda ndi choyera, chomwe azakhali a ku Lundazi anachijambula pa khoma ndikutumiza pa WhatsApp. Mu foni chinkaoneka pamodzi ndi zinzake mu `Gallery`, ndiye asisi ankaganiza kuti zonse zili pamodzi, koma ku akaunti sichinapiteko.

Ndipo pa `Gallery` pomwepo ndinenepo. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amabwera ndi pulogalamu yawoyawo yoonera zithunzi, ndipo munthu akhoza kukhala zaka akugwiritsa ntchito imeneyo osatsegulako Google Photos olo tsiku limodzi. Ngati sinatsegulidwepo ndikuvomera `Backup`, palibe chomwe chinakwera. Mukayang'ana maakaunti onse, foni ikuoneka pa `Your devices` koma zithunzi ziro ndipo malo sanadyedwe, yankho ndi limenelo, ndipo ndi bwino ndikuuzeni zoona kusiyana ndi kukuzunguzani. A Samsung yesaninso OneDrive ngati munalumikizapo `Gallery` yanu ndi akaunti ya Microsoft. A iPhone njira yanu ndi `icloud.com`, malo aulere ndi 5 GB chabe ndiye amadzaza msanga, ndipo zofufutidwa zimakhala mu `Recently Deleted` masiku 30.

Musanagonje yang'anani malo atatu mkati mwa Google Photos momwemo. `Archive` ndi momwe zimapita zithunzi zomwe munazibisa pa tsamba loyamba, mwina mwangozi. `Locked Folder` ili ndi bakapu yakeyake yoyatsa padera, ngati simunaiyatse zomwe zinali mmenemo zinapita ndi foni. Koma ofunika kwambiri ndi `Bin`, pa mafoni ena amalemba `Trash`. Bambo wina wa ku Mchini anabwera foni yake itabedwa yopanda loko, titalowa tinapeza zithunzi zochepa zedi, chonsecho ankanena kuti zinali zambirimbiri. Wakubayo anali atayamba kufufuta kuti agulitse foni yoyera, ndipo poti akaunti inali yotsegula, zomwe ankafufuta kumeneko zinkachokanso ku akaunti. Tinazipeza mu `Bin`, tinazisankha zonse ndikudina `Restore`, zinabwerera pa masiku ake. Zomwe zinakwera kale zimadikira mmenemo masiku 60, ndipo tsamba lomwelo limalemba pamwamba masiku ake, muwerenge. Akadutsa masikuwo, kapena wakubayo akakhuthula `Bin` yomwe, ndiye zapita. Nchifukwa chake nkhaniyi si yodikira kuti ndigule kaye foni ina mwezi ukatha.

Mukangolowa mutsekereni kawalala panja. Sinthani pasiwedi, koma musaime pamenepo, chifukwa kusintha pasiwedi sikutulutsa foni yomwe Google imaigwiritsa ntchito pokutsimikizirani. Pitani pa `android.com/find`, pomwe kale ankati Find My Device manje akuti Find Hub, muone ngati foni ikuoneka. Pali `Secure device` yoikhoma, ndi `Factory reset device` yofufuta zonse zili mu foni. Kufufuta kumeneku sikukhudza zithunzi zomwe zili mu akaunti, apo musaope, koma kumapha zomwe sizinakwere, mukatero simuthanso kuilondola, ndipo memore kadi mwina singafufutike. Ndiye apa pamafunika kuganiza. Ngati foni munangoitaya, mwina kutchalitchi kapena mu takisi ya munthu wodziwika, ikhomeni chabe mulembe nambala ya m'bale pa sikirini ndikudikira masiku angapo, chifukwa ikabwera zithunzi zosakwera zija zikadali momwemo. Ngati yabedwa ndipo inalibe loko, ine ndimati fufutani lero lomwe, kenako mupite pa `Your devices` mudine foniyo ndi `Sign out`. Ya asisi inali ndi pateni ndipo sinayakenso pa netiweki chichokere Loweruka lija, tinatumiza lamulo lofufuta kuti likagwire ikadzangolumikiza. Ndipo mapu akakuonetsani komboni yomwe foni ili musapiteko nokha kukagogoda pakhomo, apatseni apolisi.

Tsopano masabata asanu ndi awiri aja ndi chithunzi cha ukwati. Apa inatithandiza ndi WhatsApp, mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi bakapu yake yomwe imapita ku Google Drive, yosiyana ndi ya Google Photos. Kuti ibwere pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo, ndipo imakufunsani kamodzi kokha, pomwe mukuika WhatsApp pa foni yatsopano mutangotsimikiza nambala, pamabwera `Restore`. Ndiye dongosolo lake ndi ili, yambani mwaika akaunti yoona ija mu foni yatsopano, kenako simu, kenako WhatsApp. Mukadumpha `Restore` ndikuyamba kucheza, bakapu yatsopano yopanda kanthu ikhoza kulowa m'malo mwa yakale. Mukazindikira msanga kuti mwadumpha, chotsani WhatsApp nthawi yomweyo muikenso. Mavidiyo amabwera pokhapokha ngati `Include videos` inali yoyatsa. Bakapu ya asisi nayonso inkadikira Wi-Fi ndiye inali ya January yomweyo, koma chithunzi cha ukwati chinatumizidwa kale chaka chatha, chinabwera mu macheza a azakhali.

Njira yachiwiri ndi ya pakamwa. Chilichonse chomwe munatumizira munthu chikadali mu foni yake. Asisi analemba mu gulu la banja kuti aliyense amene ali ndi chithunzi chochokera kwa iwo kuyambira January atumize, ndipo pofika madzulo zinabwera zoposa makumi atatu, za tsiku lobadwa la mdzukulu, za mabelo atsopano omwe ankatumizira makasitomala. Zimakhala zochepa mphamvu chifukwa WhatsApp imazifinya, koma nkhope zimaoneka bwino. Muwauze atumize ngati `Document` kuti zisafinyidwenso kachiwiri. Za ku Mtenguleni zomwe anajambula tsiku lomwelo, impi zikuvina ngoma, sanatumizeko aliyense, zimenezo sizinabwere.

Foni yatsopano itagulidwa, itel ya mtengo wotsika, asisi anandiimbiranso ati zithunzi sizikuoneka. Anali akuyang'ana mu `Gallery`. Zithunzi za mu akaunti sizitsikira zokha mu foni, zimaoneka mu Google Photos mukakhala ndi netiweki, ndipo kachithunzi kozungulira kali pamwamba kudzanja lamanja kakuonetsani akaunti yomwe mwalowa. Chomwe mukuchifuna mu foni mwenimweni mumachitsegula, timadontho titatu, `Download`. Ndipo ndibwerezenso, mukafuna kupeza malo mu foni musafufute zithunzi mu Google Photos, gwiritsani ntchito `Free up space`, imeneyo imachotsa za mu foni zokha zomwe zinakwera kale.

Ine sindinafune kuti za atate zikhale malo amodzi okha, makamaka poti akaunti ikakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito Google ikhoza kuifufuta, lamulo lomwe anayamba kulitsata mu December 2023. Ndiye tinatsitsa zonse. Zochepa mukhoza kuzisankha pa kompyuta ndikudina `Download`, zimabwera mu fayilo ya zip. Zambiri ndi bwino kudzera pa

```
takeout.google.com
```

Dinani `Deselect all`, muchonge Google Photos yokha, musankhe kukula kwa fayilo iliyonse. Ine ndimasankha 2 GB, chifukwa netiweki ikaduka kapena magetsi akapita pakati mumabwereza kachidutswa kamodzi osati zonse. Google imakonza kaye, nthawi zina maola angapo, kenako imatumiza linki pa imelo yomwe imakhala pafupifupi sabata imodzi. Chitani izi pa Wi-Fi, chithunzi chimodzi cha kamera chimakhala 2 MB mpaka 4 MB, ndiye zithunzi 1,000 zikhoza kudya 3 GB, osawerengera mavidiyo. Mkati mupeza timafayilo tina tothera ndi `.json` pambali pa zithunzi, si mavairasi ayi, ndi momwe mwalembedwa tsiku ndi malo a chithunzi chilichonse, musatifufute. Za asisi zinatuluka mafayilo atatu, tinaika pa fulashi imodzi yomwe ili kwa iwo ndi ina yomwe ili kwa ine.

Tisanatseke kompyuta tinakonza zinthu zinayi pa akaunti ndi pa itel ija. Pa `Security` tinaika imelo yanga ngati yobwezera akaunti kuti laini ikadzasowanso pakhale khomo lina. Tinayatsa `2-Step Verification` ndikupulinta `Backup codes`, makodi 10 a manambala 8 omwe iliyonse imagwira kamodzi olo mulibe foni, pepalalo asisi analipinda ndikuliika mu pulasitiki momwe amasungira reji ndi kadi ya ku sikelo ya mwana, pamodzi ndi dzina la imelo. Tinayatsa foda ya `WhatsApp Images`, ngakhale ndinawachenjeza kuti idzakweza ndi timaluwa ta m'mawa tonse ta mu magulu, ndiye azifufutako. Ndipo pa `Mobile data usage` tinaika malire a 10 MB pa tsiku, zomwe ndi zithunzi zitatu kapena zinayi, bandulo simva kuwawa kwenikweni koma za tsikulo zimakwera, mavidiyo okha ndi omwe amadikira Wi-Fi. Ndinawaonetsa kuti Lamlungu lililonse azidina kachithunzi kozungulira kaja aone ngati palembedwa `Backup complete`, akaona `Waiting for Wi-Fi` adutse pa shopu pochokera ku Kapata.

Cha atate cha pansi pa mango chija tinachitsuka pa pepala lalikulu, chili mu felemu pa khoma kwa amai kumudzi, pambali pa cha ukwati.